Nsagwada ikulira ndi kupweteka ndikamatafuna, alipo zinamuchitikirapo?

Nasingano
Abale, ndithandizeni maganizo. Patha miyezi inayi nsagwada yanga ya kumanja ikulira kuti "kho" ndikamatsegula pakamwa, pafupi penipeni ndi khutu. Poyamba sindinkalabadira chifukwa sinkapweteka. Koma masabata atatu apitawa yayamba kuwawa ndikamatafuna, makamaka chinthu cholimba ngati nyama, ndipo pofika madzulo tsaya lonse limakhala lolemera ngati ndaswera kutafuna. Nthawi zina ululuwo umakwera mpaka m'litsipa. Mano sakundipweteka, kungoti kumanzere ndinachotsetsa dzino lotafunira chaka chatha. Ndili ndi zaka 34 ndipo ntchito yanga ndi yosoka. Mantha anga ndi akuti mwina fupa likudyeka m'katimo. Kodi kulirako kumatha? Ndipange chiyani?

Kadzidzi
Limenelo ndi khutu achemwali. Ine linandiyamba choncho, anandipatsa mankhwala odontheza, masiku asanu basi ndinachira.

Nasingano
Khutu anandiona kale kuchipatala, akuti lili bwinobwino. Silituluka kanthu ndipo ndimamva bwino.

Bambo_aMapasa
Musadandaule nazo. Kulirako n'chimodzimodzi ndi kuthyola zala, ndi kamphepo chabe kamene kamakhala m'mfundo. Yanga yakhala ikulira kuyambira ndili mnyamata, lero ndili ndi zaka 51, palibe chandichitikira. Muzingotafuna zolimba kuti nsagwada izolowere, mnofu ukapanda kugwiritsidwa ntchito umafooka.

WaMafizo
A Bambo_aMapasa mwalondola mbali imodzi. Nsagwada yolira koma yosapweteka, yomwe imatseguka bwino, sifuna chithandizo chilichonse, ndipo anthu ambiri ali nayo moyo wawo wonse monga inuyo. Koma langizo la zolimbalo lingawapweteke a Nasingano. Iwowa mnofu wawo si wofooka, ndi wotopa. Munthu wobinya phazi sitimuuza kuti athamange kuti lizolowere.

Ndifotokoze kaye chimene chimalira, chifukwa mantha ambiri amachokera posadziwa. Ikani zala patsogolo pa makutu onse awiri, kenako tsegulani pakamwa pang'onopang'ono. Mumva kafupa kakuyenda kupita kutsogolo pansi pa chalacho. Umenewo ndi mutu wa nsagwada, pamene imalumikizana ndi chigaza. Pakati pa mafupa awiriwo pali kamtsamiro kakang'ono, kolimba koma kopindika, kamene kamayenera kukhala pamwamba pa mutuwo ngati chipewa n'kumayenda nawo limodzi. Kwa anthu ena kamtsamiroko kamasunthira kutsogolo pang'ono pakamwa pakakhala potseka. Ndiye mukamatsegula, mutu wa fupa umakakwera pansi pake mwadzidzidzi, n'kumveka "kho". Mukamatseka kamatererekanso, ndipo ena amamva kulira kwachiwiri kocheperapo. Choncho kulira kumodzi komveka bwinoko nthawi zambiri si fupa lodyeka ayi. Mfundo imene ikudyeka imamveka mokhwekhwereza, ngati mwaponda mchenga, ndipo zimenezo zimaonekera kwambiri kwa achikulire.

Koma ululu umene mwafotokozawu, wolemera m'tsaya, wokwera m'litsipa, wokula madzulo, ukundimvekera ngati wa minofu yotafunira osati wa mfundo yeniyeniyo. Ndili ndi mafunso anayi. Kodi zala zitatu, cholozera, chapakati ndi chotsatira chake, mutazisanja choimirira, zikulowa pakati pa mano akutsogolo? Mukadina m'tsaya chapansi, pamene pamatupa mukaluma mano, pakupweteka? Mukadzuka m'mawa nsagwada imakhala bwanji? Ndipo panopa pamene mukuwerenga uthengawu, mano anu apamwamba ndi apansi agundana kapena atalikirana?

Nasingano
Zala zitatu zikulowa koma mothina, ndipo chachitatucho chikamalowa m'pamene yalira. Podina m'tsaya kumanja pakupweteka kwambiri, pali ngati kambulu kolimba. Kumanzere ayi. M'mawa ndimadzuka ndili bwino, zimayamba cham'ma 2 koloko masana. Funso lomalizalo landidabwitsa. Mano anali ogundana, ndipo ndinali nditaluma ndithu. Kodi si mmene amayenera kukhalira?

WaMafizo
Ayi achemwali, ndipo ndikuona kuti nkhani yanu yagona pamenepo. Mano apamwamba ndi apansi amayenera kukumana potafuna ndi pomeza basi, zomwe tikaphatikiza tsiku lonse ndi mphindi zowerengeka. Nthawi ina yonseyo milomo imakhala yotseka koma mano amasiyana pang'ono, mamilimita 2 kapena 3. Ngakhale musalume mwamphamvu, kungogundanitsa mano kokhako kumachititsa kuti minofu ya m'masaya ndi ya m'litsipa ikhale ili pantchito. Tayesani kukunga chibakera mopepuka n'kukhala choncho ola lathunthu, muona mmene mkono ungamvere. Nsagwada yanu ikuchita zimenezo kuyambira m'mawa, n'chifukwa chake imadzuka ili bwino n'kumatopa masana. Amene amakukuta mano kutulo zimakhala mosiyana, amadzuka ndi ululu n'kumapepukidwa dzuwa likamakwera.

Tandiuzani za ntchito yanuyo. Mukamasoka m'kamwa mumakhala chiyani?

Nasingano
Mapini. Ndikamayeza chovala pa munthu ndimawagwira ndi mano, nthawi zina 5 kapena 6, mpaka nditamaliza. Ulusi ndimadulanso ndi mano akutsogolo sizasi ikakhala patali. Komanso ndikakhala pa makina ndimatafuna chingamu kuti ndisaodzere. Ndipo chichotsereni dzino lija ndimatafunira kumanja kokha.

Mlonda_waUsiku
Chingamu chimenecho ndiye mdani. Ine ndinkatafuna usiku wonse pantchito, nsagwada inkachita kuuma. Nditasiya, sabata ziwiri zokha ndinaona kusintha.

WaMafizo
Ndiye mwayankha nokha. Kugwira mapini kumafuna kuti nsagwada ikankhidwire kutsogolo pang'ono n'kuumitsidwa pamenepo, ndipo kudula ulusi kumaigwedeza cham'mbali mano akutsogolo atalumana. Onjezanipo chingamu cha maola angapo ndi kutafunira mbali imodzi kwa chaka. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chingavulaze munthu tsiku limodzi, koma zonse pamodzi, tsiku ndi tsiku, nsagwada ilibe nthawi yopuma.

Ine ndikanakhala inu ndikanachita izi kwa masabata atatu kapena anayi. Chingamu chisiyeni kotheratu. Mapini apezereni kamtsamiro komangirira padzanja, sizasi yaing'ono muikolowe pakhosi ndi chingwe kuti isamasowe. Kenako phunzirani kakhalidwe kopumitsa nsagwada. Nenani "nnn" ngati mukufuna kutchula "nane". Nsonga ya lilime ikhudza kumwamba kwa kamwa kuseri kwa mano akutsogolo, ndipo muona kuti mano asiyana okha. Tsekani milomo zili choncho, muzipumira m'mphuno, masaya alekerereni. Chovuta si kuchita kwake koma kukumbukira, chifukwa munthu amaluma mano asakudziwa, makamaka maso akakhala pa ntchito yofuna kusamala ngati kulowetsa ulusi m'singano. Matani kapepala pa makina anu pamene maso amafika kawirikawiri. Nthawi iliyonse mwakaona, dzifunseni kuti mano ali pati. Masiku oyambirira muzipeza mutaluma pafupifupi nthawi zonse, musakhumudwe nazo, kuzindikirako ndiye mankhwala ake.

Madzulo thowani tsaya ndi kansalu koviika m'madzi ofunda, osati owotcha, kwa mphindi 10 mpaka 15. Mukatha sisitani kambulu kaja ndi zala ziwiri mozunguliza kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, modina mpaka pomva kuwawa kopiririka basi. Pamfundo penipeni patsogolo pa khutu musadinepo mwamphamvu.

Zakudya zikhale zofewerapo ndipo muzidula tizidutswa ting'onoting'ono kuti musayasamule kwambiri kapena kung'amba ndi mano akutsogolo. Sindikunena kuti muzingomwa zamadzimadzi, nsagwada imafunabe kuyenda. Ululu ukamachepa muzibwerera ku zakudya zanu pang'onopang'ono.

Bambo_aMapasa
Koma pamenepa mukuvomereza zomwe ndinanena zija. Nsagwada imafuna ntchito.

WaMafizo
Imafuna kuyenda bambo, koma osati kunyamula katundu pamene ikupweteka. Kusiyana kwake n'komweko.

Mai_Tsabola
Ine funso langa ndi la kutafunira mbali imodzi. Mukuti asiye, koma mbali inayo dzino palibe. Atafunire chiyani? Zimenezi n'zosavuta kunena. Inenso ndili ndi mpata kumanzere ndipo chakudya chimangothawira pa usinini n'kumandibaya.

Nasingano
Zoona amayi, n'chimene ndinasiyira. Ngakhale kuti mano ena awiri alipo mbali imeneyo, ndi mantha chabe amene anatsala chichokereni pa bala lija.

WaMafizo
Mai_Tsabola mwafunsa bwino, ndipo yankho lake silofanana kwa aliyense. Ngati mbali inayo mano otafunira alipo ndipo sapweteka, monga a Nasingano, ayambe ndi zofewa, kuika chakudya pang'ono mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, kutafuna mosathamanga. Ngati mano ambiri palibe, kapena lilipo lobooka limene mukulizemba, imeneyo ndi ntchito ya dokotala wa mano. Kuthowa sikungathandize mpaka kalekale ngati chimene chikukukankhirani mbali imodzi chikadalipo.

Mai_Tsabola
Ndiye kwa ine ndi mano atatu. Ndamva.

Gitala_Wakale
Ndiloleni ndiike yanga, mwina ithandiza wina. Ine sinali ya masana koma ya usiku. Mkazi wanga ndi amene anandiuza kuti ndimakukuta mano kutulo mpaka iye kudzidzimuka. Ndinkatsutsa, chifukwa mwiniwakewe sumva kanthu. Koma m'mawa ndinkadzuka nsagwada itauma, mutu ukupweteka mbali zonse ziwiri, ndipo dokotala wa mano atandiona anandisonyeza pagalasi mano akutsogolo ataphwatalala nsonga, m'mbali mwa lilime muli tizipsera ta mano, ndi kamzere koyera m'kati mwa tsaya. Anandipima n'kundipangira chotchingira mano chapulasitiki cholimba chovala pogona. Ndachivala zaka zitatu. Ndinene zoona, kukukutako sikunathe, chifukwa chotchingiracho chili ndi mikwingwirima yoonekeratu. Koma mano anasiya kutha ndipo m'mawa ndimadzuka bwino kusiyana ndi kale. A Nasingano, mwina mukufunika chimenecho.

Kadzidzi
Zija amavala osewera nkhonya? Zilipo zogula, umangoviika m'madzi otentha n'kuluma.

Gitala_Wakale
Ndinayamba ndi chimenecho, chinandiwonjezera. Ndi chofewa ngati labala ndiye kutulo ndinkangochitafuna ngati chingamu. Patatha sabata ndinachitaya.

Mlonda_waUsiku
Ine mchimwene wanga chogulacho chinamuthandiza. Si onse chimawavuta.

WaMafizo
Nonse awiri mukhoza kukhala mukunena zoona, anthu amasiyana nazo. Chimene ndinganene motsimikiza n'chakuti chotchingira chimateteza mano kuti asaperepeseke, ndipo ena chimawachepetsera ululu, koma sichiletsa munthu kuluma. Chosakwana bwino, kapena chophimba mano ena okha, chikavalidwa nthawi yaitali chingasinthe mmene mano amakumanirana, n'chifukwa chake ndi bwino dokotala wa mano azichiona. Koma kwa a Nasingano sindikuona kuti ndi poyambira. Iwo amadzuka ali bwino. Vuto lawo likuchitika ali maso, ndipo chovala usiku sichingachotse mapini m'kamwa masana.

Nyenyezi_22
Pepani kulowerera. A Gitala_Wakale, mkazi wanuyo anapirira bwanji? Mwamuna wanga amakukuta mano komanso amaliza mkonono, ine tulo ndinaiwala. Ndikamudzutsa amakwiya.

Gitala_Wakale
Anandijambula mawu pafoni usiku wina n'kundimvetsera m'mawa. Ndinachita manyazi koma ndinakhulupirira. Chinanso chimene ndinaona n'chakuti masiku amene ndamwa khofi madzulo kapena mowa, kukukutako kumakula. Ndinasiya khofi ikangokwana 3 koloko masana.

WaMafizo
A Nyenyezi_22, ngati mkononowo umadukiza, ngati amasiya kupuma kwa kanthawi kenako n'kubanika, ndipo masana amangoodzera, akaonedwe kuchipatala. Kubanika kutulo ndi kukukuta mano nthawi zina zimayendera limodzi. Khofi wambiri, mowa ndi fodya nazo zimadziwika kuti zimawonjezera kukukuta.

Nyenyezi_22
Amasiyadi kupuma, ndimachita kumugwedeza. Ndiyesa kulankhula naye masana ali wosangalala.

Nasingano
Tibwerere kwa ine pang'ono abale. Nanga mankhwala? Ndakhala ndikumwa bulufeni pafupifupi tsiku lililonse kwa masabata awiri.

Mai_Tsabola
Masabata awiri? Samalani ndi m'mimba mwana wanga. Ine bulufeni anandipatsa zilonda.

WaMafizo
Mai_Tsabola akunena zoona. Bulufeni amathandiza pa masiku ochepa pamene ululu wakula, mutadya kaye, koma si womwa tsiku ndi tsiku popanda wachipatala kudziwa. Amene ali ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso, oyembekezera, ndi ena a mphumu, asamwe asanafunse. Panado ndi wofatsirapo m'mimba bola osapyola muyezo wolembedwa. Komanso mankhwala amabisa ululu, munthu n'kumapitiriza chingamu poganiza kuti wachira.

Ndiwonjeze kasewero kamodzi kokha, chifukwa ndikapereka tambiri anthu sachita n'kamodzi komwe. Imani pagalasi, lilime likhale kumwamba kuja ngati mukunena "nnn". Tsegulani pakamwa pang'onopang'ono mpaka pamene lilime likufuna kuchoka, imani pomwepo, kenako tsekani. Yang'anani kuti chibwano chitsike molunjika, chisakhotere mbali. Potsegula pang'ono choncho nsagwada imangozungulira pamalo pake osatsetserekera kutsogolo, ndiye nthawi zambiri silira. Chitani maulendo 6, kangapo patsiku. Chikapweteka mwapyola muyezo. Ndipo mukamva kuyasamula kukubwera, ikani chibakera pansi pa chibwano kuti pakamwa pasatseguke mpaka mapeto.

Chinthu china chimene anthu amachita osazindikira: kuiliza dala nsagwada pofuna kuona ngati ikulirabe. Ena amachita zimenezi kambirimbiri patsiku. Isiyeni.

Nasingano
Chimenecho ndimachita. Ngakhale pano ndangochita kumene.

Chiphaliwali
Ine yanga inasiya kulira yokha sabata yatha, ndiye ndimati ndachira. Inkalira zaka ziwiri kumanzere. Kungoti pano pakamwa sipakutseguka bwino, zala ziwiri zokha ndi zomwe zikulowa, ndikakakamiza zimawawa patsogolo pa khutu. Koma bola phokoso linatha.

WaMafizo
A Chiphaliwali, ndikupempheni musadikire nazo zimenezo. Mukatsegula pagalasi, chibwano chikukhotera kuti?

Chiphaliwali
Kumanzere, komwe kunkalirako.

WaMafizo
Sindingakupimeni pano, koma mmene mwafotokozeramo zikufanana ndi kamtsamiro kaja katasunthira kutsogolo n'kukanirira komweko. Kale mutu wa fupa unkatha kukakwera, n'chifukwa chake kunkalira. Tsopano sukukwera, ukungogunda, ndiye phokoso latha koma njira yatsekeka. Mbali yabwinoyo ikuyenda, yotsekekayo ikutsalira, chibwano n'kukhotera komweko. Munthu wamkulu amatsegula mamilimita 40 kapena kuposerapo pakati pa mano akutsogolo, pamene nsagwada yokanirira chonchi imathera cham'ma 25 kapena 30. Mutha kuyeza ndi rula. Si zoti muchite nazo mantha, ambiri amayambanso kutsegula bwino pakapita nthawi popanda opaleshoni, koma ndi bwino dokotala wa mano kapena wa mafizo akuoneni masiku omwe ano, zikadali zatsopano. Pali njira zoyendetsera mfundoyo ndi manja zimene zimafuna wodziwa. Musakanule ndi supuni kapena kupempha mnzanu kuti akukokeni.

Bambo_aMapasa
Apa ndiye mwandiopseza. Ndiye kuti yanganso tsiku lina idzatseka?

WaMafizo
Ayi bambo, nsagwada zambiri zolira sizifika potseka. Yanu yatha zaka zoposa 30 ili chimodzimodzi. Chizindikiro choti munthu asamale ndi pamene yayamba kumagwira, kutseka kwa kamphindi mpaka ataigwedeza kuti imasuke.

Chiphaliwali
Yanga inkatero miyezi iwiri yapitayi, makamaka m'mawa. Ndipita mawa.

Kadzidzi
Bwanji osangopita kuti akapale mano kuti azikumana bwino? Ndinamva kuti vuto lonse limayamba mano akakhala osalingana.

Gitala_Wakale
Inenso wina anandiuzapo zimenezo. Dokotala wanga anakana, anati dzino ukalipala silimeranso.

WaMafizo
Anakana bwino. Kale anthu ankakhulupirira kwambiri kuti kusalingana kwa mano ndiye gwero, koma alipo ambiri a mano opingasa amene nsagwada zawo zili bwino, ndiponso a mano olongosoka amene akuvutika. Masiku ano malangizo ndi akuti tiyambe ndi zinthu zimene tingabwerere m'mbuyo zikapanda kuthandiza. Kupala mano ndi opaleshoni sizibwezeka. Pokhapokha ngati ululu unayamba atangokumatani dzino ndipo mukumva kuti lakwera kuposa anzake, pamenepo bwererani akakonze.

Mai_Tsabola
Ine ndikuonabe kuti mukuchepetsa nkhani ya maganizo. Mwana wanga wamkazi nsagwada imamupweteka nthawi ya mayeso yokha. Akatsekera sukulu zimatha. Palibe chingamu, palibe mapini. Ndiye mungathowe bwanji nkhawa?

Nasingano
Amayi mwandikhudza. Ululuwu unayamba mwezi umene ndinalandira ntchito ya zovala zambiri zofunika tsiku limodzi. Ndinkagona 12 koloko, kudzuka 4.

WaMafizo
Sindikutsutsa ngakhale pang'ono. Nkhawa ndi kusagona zimachititsa munthu kuluma mano, komanso zimapangitsa ululu womwewo kumveka waukulu. Kungoti kuuza munthu kuti "musamadandaule" sikumuthandiza, pamene kumuuza kuti asiyanitse mano ndi chinthu chimene angachite ngakhale ali pakati pa mavuto. Mwana wanuyo muoneni akamawerenga. Ambiri amatsamira chibwano padzanja, kuluma cholembera kapena zikhadabo, mutu ataukankhira kutsogolo. Zonsezo zimakankha nsagwada. Kugona chafufumimba nkhope itapanikizika pa pilo nakonso n'chimodzimodzi, bola chagada kapena cham'mbali dzanja lisali pansi pa tsaya.

Mai_Tsabola
Cholembera amalumadi. Koma ine ndikuti muzu wake ndi mtima, cholemberacho ndi nthambi chabe.

Namwino_Wopuma
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ndingowonjezera zimene sizifuna kuthowa kunyumba, chifukwa si ululu uliwonse wa nsagwada umene uli wa mfundoyi. Tsaya likatupa, thupi n'kutentha, pakamwa n'kumakanika kutseguka, kawirikawiri ndi mafinya ochokera ku dzino, ndipo kukayamba kuvuta kumeza kapena kupuma n'zothamangira usiku womwewo. Munthu akagwa kapena kumenyedwa, mano n'kusiya kukumana monga kale, akajambulidwe. Pakamwa pakatseguka n'kukanika kutsekeka, nsagwada yaguluka, akaibwezere achipatala. Nsagwada youma patapita masiku munthu atabayidwa kapena kuvulala ndi chinthu chauve, khosi n'kumaumanso, tiganizire kafumbata. Ndipo ululu wa nsagwada wobwera munthu akamayenda mofulumira kapena kukwera mtunda, limodzi ndi kuthina pachifuwa, thukuta kapena befu, ukhoza kukhala wa mtima. Chomaliza chimene ambiri sachidziwa: munthu wopyola zaka 50 amene nsagwada yayamba kumutopera akamatafuna n'kumasiya akapuma, mutu ukupweteka mwachilendo m'litsipa, khungu la m'mutu likuwawa popesa, kapena maso akuchita chidima, apite tsiku lomwelo. Kumakhala kutupa kwa mitsempha ya magazi, ndipo kuchedwa kungamuchititse khungu.

Bambo_aMapasa
Zikomo amayi, chomalizachi sindinkachidziwa.

Nasingano
Ndabweranso abale, papita masabata atatu ndi masiku awiri. Chingamu sindinakhudzenso. Mapini ndi amene anandivuta, sabata yoyamba ndinkangozindikira ali kale m'kamwa, koma pano dzanja lazolowera kamtsamiro. Kapepala ka pa makina kanandionetsa zinthu: tsiku loyamba ndinayesa kuwerenga, pa maulendo 20 amene ndinakayang'ana, 17 ndinapeza mano atalumana. Dzulo anali maulendo 5. Ndazindikiranso kuti ndimaluma kwambiri posoka zipi ndi makolala. Kuthowa ndimachita madzulo alionse, bulufeni ndinasiya sabata yoyamba yomweyo. Kulemera kwa m'tsaya kwachepa kwambiri, litsipa landipweteka kawiri kokha. Zala zitatu zikulowa mosavuta. Koma kulira kukadalipo, makamaka ndikaiwala n'kuyasamula kwambiri, ndipo tsiku lina nditadya nyama yowuma ululu unabwerera mpaka mawa lake. Kodi ndiye kuti ndalephera penapake?

WaMafizo
Simunalephere. Kulirako mwina kuchepa, mwina kukhala nanu zaka zambiri ngati a Bambo_aMapasa, chifukwa kamtsamiro kakasuntha nthawi zambiri sikabwerera pamalo pake penipeni. Chimene timayang'ana ndi ululu ndi katsegukidwe, ndipo zonse ziwiri zikuyenda bwino. Kubwerera kwa ululu mutadya cholimba kukungosonyeza kuti mwafulumira pang'ono. Pitirizani masabata ena atatu kapena anayi, zolimba muzionjezera pang'onopang'ono. Mukaona kuti yayamba kumagwira, kapena patha miyezi iwiri kapena itatu ululu usakusunthanso, mukaonedwe. Mpata wa dzino uja muufunsenso kwa dokotala wa mano.

Gitala_Wakale
Ine ndikanakondabe akanafunsa za chotchingira. Munthu sadziwa zomwe amachita kutulo.

Nasingano
Ndifunsa mchemwali wanga amene ndimagona naye chipinda chimodzi kuti andimvetsere. A Chiphaliwali munapita?

Chiphaliwali
Ndinapita. Anayeza ndi karula anapeza 27, anandiyendetsa nsagwada ndi manja n'kundipatsa masewero ochita kunyumba. Lachiwiri lapitali anapeza 33. Kuwawa kukadalipo ndikamaluma chinthu chachikulu, ndibwereranso pakatha masabata awiri.

Mlonda_waUsiku
Funso langa ndi lakuti, amene tinasiya chingamu tizichita chiyani kuti tisaodzere pantchito? Ine ndayamba kutafuna kachivindikiro ka botolo, ndipo ndikuona ngati tsaya layambanso kulemera.